Kanthu ka Buluu Kamene Ndinakaona kwa Apongozi

Mu Ogasiti wa chaka chatha, pa nthawi ya mwambo wa Kulamba, ine ndi amake ana tinachoka ku Chipata kupita ku Katete, ndipo tinagona masiku awiri kumudzi kwa apongozi anga. Aliyense wokwatira kwa Achewa akudziwa kuti mkamwini sakhala moyandikana ndi apongozi ake aakazi ngati anzake a pabawo, choncho m'mawa wa tsiku lachiwiri ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, mapazi oposa khumi kuchokera pamene iwo ankachapira, ndikuyang'ana nkhuku monga munthu amene nkhuku zimamusangalatsa kwambiri. Ndi kona ya diso ndinaona apongozi akutenga kanthu kakang'ono ka buluu, ka makona anayi, kamene kanali pamwala pafupi ndi beseni. Patapita kanthawi anayanika bulauzi yawo ya Chigwirizano, ndipo inali yoyera moti maso ankachita kuwawa poiyang'ana.

Bulauzi ya amake ana inali itayamba kuoneka yachikasu pakolala, ndipo iwo anali atadandaulapo kangapo. Kufunsa apongozi dzina la kanthuko sikukanatheka, ndipo kufunsa mkazi wanga kukanawononga cholinga changa, chifukwa ndinkafuna kuti adzangoona zodabwitsa pachingwe n'kudziwa kuti anakwatiwa ndi munthu wanzeru. Ndinabwerera ku Chipata ndili ndi zinthu zitatu zokha m'mutu: maonekedwe, mtundu, ndi mwala umene kanthuko kanali.

Lachisanu ndinayambira ku msika wa Kapata. Mayi woyamba ndinawauza kuti ndikufuna kanthu kobiriwira ka makona anayi, ndipo iwo mosachedwa anandidulira chibenthu cha sopo wamtanda wobiriwira. Sanalakwe, popeza mawu akuti kubiriwira m'chilankhulo chathu amanyamula msipu ndi thambo m'dengu limodzi, ndipo wogulitsa amasankha chimene ali nacho patebulo. Kuyambira pamenepo ndinayamba kunena kuti buluu, ndikuloza kumwamba kuti pasakhale kukayika.

Mnyamata wina amene ankamvetsera anandiuza kuti akukadziwa bwino kanthuko, ndipo ananditsogolera kuseri kwa msika kumene anyamata ankasewera pulu. Anandipatsa kanjerwa ka buluu kokutidwa ndi pepala, kotalika ngati masentimita 2 mbali zonse, kokhala ndi kadzenje pamwamba. Mtima wanga unagunda, chifukwa kankafanana kwambiri ndi kamene ndinakaona, ndipo ndinalipira ndisanafunse ntchito yake. Nditafunsa kuti ndiike kangati m'beseni, anyamata onse anasiya ndodo zawo n'kundiyang'ana, kenako wina anandifotokozera mwaulemu kuti chimenecho ndi choko chopaka kunsonga kwa ndodo ya pulu kuti isaterereke pampira, ndipo kadzenje kaja n'kolowetsamo nsongayo. Ndinayesa kuyerekeza apongozi anga atawerama patebulo la pulu, chitenje chili m'chiuno, ndipo ndinachoka pamalopo mofulumira.

M'sitolo ya zaulimi anandionetsa chinthu china cha buluu cha makona anayi, chaphulaphula ngati kandulo, chokhala ndi bowo pakati. Wogulitsayo anandifunsa ngati makoswe ake ali kudenga kapena m'nkhokwe, ndipo nditayankha kuti ali pakolala ya bulauzi, anabweza msanga paketiyo pashelefu yapamwamba. Anandiuza kuti poizoni wa makoswe amamupaka dala mtundu wa buluu kapena wobiriwira kuti anthu asamuyese chakudya, ndipo bowolo n'lomangirirapo waya kuti khoswe asamukokere kumene ana ndi nkhuku angamupeze. Munthu ameneyu ndi yekhayo tsiku limenelo amene anayamba wandifunsa ntchito ya chinthucho asanandigulitse, koma ine sindinatolepo phunziro lililonse.

Dzuwa litapendeka ndinalowa m'sitolo ina yaikulu m'tauni, miyendo ikuwawa ndiponso mtima utatopa. Mnyamata wa mmenemo anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi kanthuko kakalowa m'madzi madziwo amasanduka a buluu, ndipo ine ndinavomera ndi mutu wonse. Anabweretsa chinthu chobulungira chophwatalala, chachikulu ngati kukamwa kwa kapu, cholemera magalamu 50, chonunkhira ngati maluwa. Nditanena kuti changa chinali cha makona anayi ndiponso chaching'ono, anandiuza kuti zinthu zimasintha masiku ano, ndipo chodabwitsa n'chakuti chithunzi chimene chinali m'mutu mwanga chinayamba pomwepo kubulungira makona ake kuti chigwirizane ndi chimene chinali m'manja. Papaketi panali chithunzi cha chimbudzi cha madzi choyera mbuu, koma ine ndinaganiza kuti opanga akungoonetsa mmene zovala zidzayerere. Magalasi anga ndinali nditawasiya kunyumba, ndipo zolemba zazing'ono za kuseri sindinavutike nazo.

Loweruka m'mamawa, amake ana atapita kumsika, ndinathira madzi m'beseni, ndinaponyamo chinthu chonsecho, ndinaikamo bulauzi, n'kupita kukamwa tiyi. Nditabwerako ndinapeza thovu litatutumuka mpaka m'milomo ya beseni, madzi ali bii ngati inki, ndipo bwalo lonse likununkhira ngati chimbudzi cha m'nyumba ya alendo. Bulauziyo inatuluka ili ndi mawanga, pena mtundu wa thambo, pena wakuda ngati yunifolomu ya ana a sukulu, ndipo manja anga anali a buluu mpaka m'zigongono. Amake ana atafika anaima pageti nthawi yaitali dengu lili pamutu, kenako anafunsa ndi mawu otsika kwambiri kuti, "Atate a ana, kodi mawa ndiye ndikaimbe m'kwaya ya mpingo uti?"

Anandituma kwa agogo ena oyandikana nafe, amene anagwira ntchito yochapa zovala m'nyumba za anthu zaka zambiri, kuti ndikabwereke bulauzi. Agogowo ataona manja anga anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandikhazika pampando n'kuyamba kundifunsa ngati ndili pabwalo la milandu. Mtundu wa kanthuko sanaufunse n'komwe. Anati mtundu ndi mboni yabodza, chifukwa zinthu za buluu n'zambiri ndipo opanga amasintha mapaketi chaka ndi chaka, pamene ntchito ya chinthu sisintha.

"Mwanawe, pamene apongozi ako ankatenga kanthuko, sopo anali kuti?" anafunsa motero. Ndinaganiza pang'ono, ndipo ndinakumbukira kuti sopo anali ataikidwa kale pakambale, kutali ndi beseni. Anafunsa ngati madzi a m'beseni anali ndi thovu, ndinati ayi, anali oyera. Anafunsa chimene apongozi anachita atangomaliza, ndinati anafinya bulauzi n'kuiyanika. "Ndiye kuti amenewo anali madzi otsiriza otsukuluzira," iwo anatero, "ndipo chinthu chimene chimalowa m'madzi otsiriza si sopo, komanso sichichita thovu." Anafunsanso ngati anakaponya m'madzi kapena anakagwirabe m'manja, ndipo pamenepo ndinakumbukira chimene ndinachiiwala kwa sabata yonse: apongozi anakakulunga m'kansanza koyera, anakaviika, anakafinya kawiri kapena katatu, n'kukabwezera pamwala. Pomaliza ananditumiza bokosi la machesi, n'kundiuza kuti ndionetse ndi zala kukula kwa kanthuko pambali pake. Kanali kosafika ngakhale theka la bokosilo.

Zinandichititsa manyazi kuona kuti zonsezi zinali m'mutu mwanga kuyambira ku Katete. Ine ndinkayenda m'misika ndikunyamula mawu akuti pamwala, ngati kuti mwala ndi umene umadziwitsa chinthu, pamene malo enieni anali beseni la madzi otsukuluzira, nthawi imene sopo wamaliza ntchito yake, m'manja mwa munthu amene akuchapa nsalu yoyera. Ndikanangonena zimenezi kwa mayi woyamba uja wa ku Kapata, bwenzi atandiuza dzina pomwepo, kapena atandilozera kwa anzawo ogulitsa sopo ndi zochapira, m'malo moti ndizikafunsa anyamata a pulu.

Agogo anati dzina lake ndi buluu basi, buluu wochapira, ndipo analowa m'nyumba n'kutulutsa kachidutswa komangidwa m'kansanza kuti ndione mmene amagwirira ntchito. Anafotokoza kuti buluu sachotsa litsiro ngakhale pang'ono. Nsalu yoyera ikakalamba imayamba chikasu, ndipo kabuluu kochepa kwambiri kakakhala pa ulusi kamaphimba chikasucho, diso n'kuona ngati nsaluyo yayera kuposa kale. Anafinya kansanzako m'beseni la madzi oyera, anatapa madziwo m'chikhatho, n'kundionetsa kuti ayenera kuoneka ngati thambo la m'mawa, mizere ya m'dzanja ikuonekabe bwino. Anati madziwo uziwavundula chovala chisanalowe, popeza buluuyo ndi ufa wosalala umene umadikha pansi ukausiya, ndipo chovala uchiviike chotambasula n'kuchitulutsa msanga, chifukwa chikagonamo chimatuluka ndi mizere. Chimene ndinagula ine, iwo anati, amachiika m'thanki ya chimbudzi cha madzi kuti chizisungunuka pang'onopang'ono kwa masabata angapo, ndipo chili ndi sopo wamphamvu, mafuta onunkhira ndi utoto. Ine ndinali nditapatsa bulauzi imodzi mlingo wa mwezi wathunthu wa chimbudzi.

Mdzukulu wawo, amene ankamvetsera ali pafoni, anandionetsa kuti ngakhale foniyo imafuna kufunsidwa mwa njira yomweyo. Atalemba `blue cube` panabwera zoseweretsa za ana ndi zithunzi zopanda mutu, koma atalemba `blue cube for rinsing white clothes` kanthu ka apongozi kanatulukira pazithunzi zoyambirira, pamodzi ndi dzina lake la m'masitolo, `laundry blue`. Anandilembera dzinalo papepala, ndipo agogo anawonjezera kuti ndikapita kukagula ndinyamule magalasi, ndiwerenge kuseri kwa paketi ndisanatulutse ndalama, ndipo ndikaona chithunzi cha chimbudzi ndikhulupirire kuti ojambulawo sanali kuseka.

Bulauzi ija ndinaitsukuluza madzi asanu ndi awiri tsiku lomwelo, ndipo utoto wambiri unachoka, koma m'misoko ndi kuzungulira mabatani munatsalabe kamtambo kamene sikanachokenso mpaka lero. Lamulungu amake ana anavala ya agogo, imene manja ake ankalekera m'zigongono, ndipo ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi manja ali m'matumba, kupatula pa nthawi ya chopereka, pamene mkulu wonyamula mbale anayang'ana zala zanga nthawi yaitali kuposa ndalama imene ndinaponya.

Nkhaniyo inafika ku Katete ine ndisanaganize n'komwe zoibisa. Patapita masabata awiri mlamu wanga anabwera ndi kamtolo kochokera kwa apongozi, ndipo m'kati mwake munali buluu mmodzi wokutidwa bwino m'pepala lake, kansanza koyera kodulidwa kale, ndi uthenga wakuti akamwini akafuna kudziwa dzina la chinthu azituma mwana, chifukwa ana alipo ambiri pamudzi. Chotsala cha chinthu chobulungira chija ndinachiumitsa padzuwa n'kuchisunga pawindo, pambali pa choko cha pulu, kudikira tsiku limene tidzakhale ndi thanki yochiikamo, popeza chimbudzi chathu n'chokumba.