Sabata ya pa benchi langa la matimati

Mzere wathu wa matimati mumsika wa pa boma ku Kasungu uli ndi anthu oposa khumi, ndipo tonse timapikula kwa alimi omwewo, ena a m'madimba a konkuno, ena a ku Jenda. Katundu ndi mmodzimodzi, mtengonso ndi womwewo. Nanga munthu aimirenji pa benchi langa?

Lolemba ndinavala za masiku onse, epuloni yachikasu ndi duku lachikasu. Anzanga amandinena kuti ndine namwino wa matimati, ine ndimangoseka. Ndinayala saka lochapa, n'kupukuta matimati ndi kansalu kouma. Madzi ayi, chifukwa akalowa pamene khungu lang'aluka, pofika madzulo layamba kununkha. Mulu ndimaika atatu pansi, limodzi pamwamba. Opsa kwambiri amakhala kutsogolo, olimba kumbuyo, kuti ndikapereka moni ndifunse, "Mwadzuka bwanji amayi, ndi ophikira lero kapena osunga?" Zokoka munthu mkono n'kumakuwa kuti "kasitomala kuno" ndinasiya kalekale, ambiri amangofulumiza mwendo.

Lonjezo langa ndi limodzi: mukakapeza lowola, bwerani nalo ndikupatsani awiri.

Lachitatu ndi limene linandiyesa. Ndinafika mochedwa kopikula, dengu ndinangoliona pamwamba osapisa dzanja. Pokhuthula, pansi ponse panali pophwanyika, madzi ali chuu. Pa milu 40 imene ndinkayembekeza, yabwino inatuluka 29. Mtima unandiuza kuti ndibise limodzi lofewa kunsi kwa mulu uliwonse, bala likuyang'ana mkati, monga achitira ena. Koma ndi lonjezo lija ndikanalipira kawiri. Ndinawaika m'beseni pambali n'kumanena poyera kuti awa ndi ophwanyika, theka la mtengo. Mayi wina wophika nsima kufupi ndi depoti anatenga onse. Mpamba unabwerera, phindu linapita, tikiti ya msika ndinachita kutapa m'thumba.

Lachinayi kunabwera agogo ena ndi limodzi lakuda kunsi. Kunena zoona sindikukhulupirira kuti linali langa, langa silikhala laling'ono choncho. Ndinawapatsabe awiri, anthu akuona. Ndikanayamba kufunsa mafunso, lonjezolo likanathera pompo.

Lachisanu epuloni sinaume, ndiye ndinavala chitenje wamba. Abambo amene amagula milu itatu sabata iliyonse anandidutsa kawiri akuunguza, mpaka ndinachita kuwaitana. "Aa, ndinu? Ndimayesa simunabwere!" Madzulo omwewo ndinapita kwa telala kukasoketsa yachiwiri.

Loweruka m'mawa kunafika kamtsikana, ndalama itamangidwa pa ngodya ya nsalu. Kanayenda mzere wonse kakuyang'ana mitu yathu, kenaka kanaima kwa ine n'kugwada pang'ono.

"Akuti ndigule kwa amayi a duku lachikasu, olimba milu iwiri."

Nditafunsa kuti watumidwa ndi yani, kanatchula agogo a Lachinayi aja.