Mneni amene ndingathe kumuchonga

Cholinga changa choyamba pa phunziro la kumera kwa mbewu ndinachilemba motere: "Pakutha pa phunziroli, ophunzira adziwe za kumera kwa mbewu." Mnzanga amene timaphunzitsa naye anachiwerenga, n'kuika nsonga ya cholembera pa mawu oti "adziwe".

"Aphunzitsi, kudziwako inu mudzakuona ndi chiyani?"

Funso limenelo linandikhazika pansi. Mwana akagwedeza mutu, wadziwa? Akaloweza zomwe ndalemba pa bolodi, wadziwa? Kudziwa kumachitikira m'mutu, ndipo m'mutu mwa mwana simulowa cholembera chofiira. Chomwe ndingachonge n'chimene wanena, walemba kapena wachita ndi manja.

Ndinatenga makwerero a kaganizidwe odziwika ndi dzina la katswiri wa zamaphunziro, Benjamin Bloom. Anatuluka mu 1956, kenako gulu lotsogozedwa ndi Lorin Anderson ndi David Krathwohl linawakonzanso mu 2001. Okonzedwansowa alipo 6, kuyambira pansi: kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuunika ndi kupanga chatsopano. Khwerero lililonse lili ndi aneni ooneka ndi maso. Pokumbukira, mwana atchule kapena alembe mndandanda. Pomvetsa, afotokoze m'mawu akeake. Pounika, asankhe n'kuikira kumbuyo chimene wasankhacho.

Ndisanasankhe mneni ndinadzifunsa zomwe ndikufuna kwenikweni m'mphindi 40. Mbewu imamera pakakhala zinthu zitatu: madzi, mpweya wa okosijeni ndi kutentha koyenera. Kuzitchula n'kofunika, choncho cholinga choyamba chinatuluka msanga: "Ophunzira atchule zinthu zitatu zofunika kuti mbewu imere, osayang'ana m'kope." Koma zikanandipweteka mtima ana anga akanathera pomwepo, ngati akuimba nyimbo.

Chachiwiri ndiye chinandidyera nthawi. Ndinali nditakonza mabotolo anayi a njere za nyemba. M'loyamba munali thonje louma. M'lachiwiri munali thonje lonyowa, pamalo ofunda. Lachitatu linalinso lonyowa koma m'firiji. M'lachinayi njere zinamira m'madzi owiritsa n'kuziziritsa, pamwamba nditathirapo mafuta kuti mpweya usalowe. Ndinalemba kuti: "Ophunzira alosere botolo lomwe mbewu idzamere, ndipo apereke chifukwa." Ndinakondwa, poti kulosera pogwiritsa ntchito lamulo n'kokwera kuposa kutchula.

Mnzanga uja anandigwiranso. Mabotolo omwewo ndi amene ndimati ndiwaonetse m'kalasi, kenako ndidzawafunsenso pa mayeso. Ngati mwana anaona ndi maso ake kuti lachiwiri ndilo linamera, ndipo ine ndinanena chifukwa chake, "kulosera" kwakeko n'kukumbukira basi. Apa mpamene ambirife timagwera. Timatola mneni wapamwamba pa mndandanda, koma ntchito ya mwanayo ikadali pa khwerero loyamba. Khwerero limadziwika ndi ntchito yomwe mutu wa mwana ukugwira, ndipo njira yoonera n'kudzifunsa kuti: kodi yankho ili ndinawapatsa kale?

Ndiye ndinawonjezera zinthu ziwiri zimene katswiri wina wa zamaphunziro, Robert Mager, ankalimbikira kuyambira mu 1962: mmene zinthu zidzakhalire pamene mwana akuchita ntchitoyo, ndi muyeso wosonyeza kuti wakhoza. Cholinga chinasanduka ichi: "Atapatsidwa zithunzi zinayi za mbewu zosungidwa m'njira zomwe sitinakambe m'kalasi, ophunzira alosere ngati mbewuyo idzamere, atchule chimene chikusowa ngati chilipo, ndipo akhoze zitatu mwa zinayi."

N'chachitali, inde, koma taonani mmene chimalembera chokha mayeso. Chithunzi china ndi cha njere zosungidwa m'thumba louma pa shelefu. China ndi cha njere mu dothi lomwe madzi adikha kwa masiku. China ndi cha njere pa thonje lonyowa m'kabati yamdima koma yofunda. Chamdimachi ndimachikonda kwambiri, chifukwa ana ambiri amati sidzamera popanda dzuwa, pamene nyemba zimamera bwinobwino mumdima. Dzuwa limafunika pambuyo pake, masamba akatuluka.

Ndinayesanso kulemba kuti "alosere ndi kujambula ndi kukambirana", koma ndinafufuta. Mwana akajambula bwino koma n'kulosera molakwa, ndimupatsa malikisi angati? Zochita zosagwirizana zimafuna zolinga zosiyana. Kutchula chosowacho ndinakusiya chifukwa ndiko kumaonetsa kuti sanangoponya mwayi.

Tsiku lochonga, mtsikana wina analemba pa chithunzi cha dothi lodikha madzi kuti: "Idzamera chifukwa madzi ndi ambiri." Zinthu zitatu zija anazitchula zonse molondola pa funso loyamba. Ndinadziwa pomwepo choti ndibwereze: madzi akadzaza m'timipata ta dothi amathamangitsa mpweya. M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi ndi kapu ya dothi louma, n'kuthiramo madzi pang'onopang'ono, ana ataunjikana kuonerera timathovu tikutuluka.