Madola 10,000 anga anathera pansi pa mtsuko

Alamu anga a ku Nchalo ndi amene anandionetsa za makampani opatsa anthu mpamba wochitira malonda a forekisi, ogula ndi kugulitsa ndalama za mayiko ndi golide pa intaneti. Amvekere: "Alamu, mungolipira mayeso basi. Mukakhoza akupatsani akaunti ya madola 10,000, ndipo pa phindu lililonse la madola 100, anu ndi 80."

Mayesowo anali a madola 100, ndipo ukalephera ndalamayo sibwerera. Tonde wanga anapita kumsika wa Ngabu, msuweni wa ku Joni n'kundilipirira ndi khadi yake.

Malamulo anali otere: gawo loyamba upindule madola 1,000, lachiwiri 500. Usaluze kuposa 1,000 yonse pamodzi, komanso usaluze 500 pa tsiku limodzi. Madola 10,000 aja ndi ongoyeserera, manambala chabe pafoni. Ndalama yeniyeni pa nkhani yonseyi inali ya tonde uja.

Poyamba zinayenda. Akaunti inafika 10,700, ine n'kuyamba kufunsa mitengo ya malata, ngakhale kwa anthu osagulitsa malata.

Lachisanu lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinagula golide, `XAUUSD`, theka la loti. Pa mlingo umenewo golide akasuntha dola imodzi, iwe wapeza kapena wataya madola 50. Malire otsekera malonda zikavuta sindinaike, poti ndimati maso anga alipo. Koma maso amafuna foni, ndipo foni ku Chigwa kuno ili ndi maganizo akeake. Inalemba kuti yatentha kwambiri, n'kuzima.

Ndinaiuzira mpweya, ndinaikupiza ndi lichero, osatheka. Mayi a Chifundo anandipeza nditagwada, ndikuilowetsa pansi pa mtsuko wa madzi.

"Bambo a Chifundo, mwayamba kuthira nsembe kodi?"

Inali 2:30 masana, nthawi imene Amereka amatulutsa chiwerengero cha anthu olembedwa ntchito, ndipo golide amadumpha ngati mlamba wogwera m'bwato. Anatsika madola 11, ndiye kuti 550 kwa ine. Posakhalitsa anakweranso, kupitirira pomwe ndinagulira.

Foni itatsitsimuka ndinapeza uthenga woti ndalephera. Ndinakuwa kuti andibera, sindinatseke malonda ine! Alamu ndiwo anandiwerengera tizilembo tating'ono ta m'malamulo awo. Malire a tsiku amawerengera ndi malonda osatseka omwe, ndipo amayambira pa ndalama imene wadzuka nayo. Ine ndinadzuka ndi 10,700, choncho mzere wanga unali pa 10,200. Ndinaudutsa kwa kamphindi, kompyuta yawo n'kutseka zonse. Ndinachotsedwa mayeso ndili ndi 10,150, kuposa imene anandipatsa.

"Nanga inu alamu munakhoza?"

Anayang'ana kumunda wa nzimbe. Akuti akuyesa kachinayi, ndipo amalandirako kangachepe pa munthu aliyense amene amubweretsa.

Madzulo kampani ija inanditumizira uthenga waulemu kwabasi: ndili ndi luso, ndiyesenso pamtengo wotsitsa. Ndinawawerengera mayi a Chifundo mokweza. Sanayankhe. Anangopita kukagula loko wa khola, kiyi n'kumangirira pachitenje.