Lendi imodzi, mapulojekiti atatu: ndani alipire zingati?

M'maphunziro anga a zowerengera chuma tafika pa mutu wogawa ndalama zimene mapulojekiti angapo amagwiritsa ntchito limodzi. M'buku mutuwu ndi waufupi kwambiri, koma ku mabungwe ang'onoang'ono amene amadalira madona ndi pomwe pamabuka mikangano yambiri ndi maodita. Ofesi ndi imodzi, mita ya ESCOM ndi imodzi, bwana woyendetsa bungwe ndi mmodzi, koma madona ndi atatu, ndipo aliyense amafuna kuona kuti ndalama yake yagwira ntchito ya pulojekiti yake yokha. Pofuna kuti zindilowe bwino m'mutu, ndinadzipangira bungwe longoyerekeza lokhala ndi mapulojekiti atatu: ya madzi, ya ulimi, ndi ya maphunziro a atsikana. Ziwerengero zonse ndi zachitsanzo, ndinasankha zogawika mosavuta.

Chimene ndatolapo chachikulu ndi chakuti muyezo wogawira uyenera kutsata chinthu chimene chikuchititsa kuti ndalamayo ituluke. Funso si lakuti ndi pulojekiti iti ili ndi ndalama zambiri, koma lakuti ndi chiyani chimakweza kapena kutsitsa bilu imeneyi. Ndiye chifukwa chake muyezo umodzi sungakwanire pa zonse zitatu: lendi, magetsi ndi malipiro a bwana.

Lendi ndiyo yosavuta. Mwini nyumba amatilipiritsa malo, choncho muyezo wake ndi kukula kwa malo. Tinene kuti lendi ndi K1,200,000 pamwezi ndipo ofesi yonse ndi masikweya mita 150. Munthu amatenga tepi n'kuyeza zipinda. A madzi ali ndi masikweya mita 50, a ulimi 30, a atsikana 20. Otsala 50 ndi a onse: khonde, zimbudzi, chipinda cha misonkhano, ofesi ya akauntanti. Malo a onsewa sitiwaika m'masamu, timangoona 100 amene ali ndi eni ake, ndipo lendi yonse imatsata magawo omwewo. A madzi alipira K600,000, a ulimi K360,000, a atsikana K240,000. Pa Excel, masikweya mita akakhala mu B2 mpaka B4 ndipo lendi ili mu D1, ndi mzere umodzi wokha:

```
=B2/SUM($B$2:$B$4)*$D$1
```

Chithunzi cha zipinda chokhala ndi miyezo yake chiyenera kusungidwa m'failo, chifukwa odita akadzafunsa kuti 50 peresenti yachokera kuti, yankho lake ndi pepala limenelo, osati mawu apakamwa.

Pa magetsi m'pamene ndinaona kuti kugawa kumayamba ndi kuchotsa. Musanagawe chilichonse, yambani mwachotsa gawo limene lili ndi mwini wake wodziwika. M'chitsanzo changa pulojekiti ya ulimi ili ndi makina oswetsa mazira komanso firiji yosungira katemera wa chitopa, zonse zoyaka usana ndi usiku. Bungwe lagula mayunitsi 900 pamwezi pa K300,000. Kamita kakang'ono koikidwa pa chipinda cha makinawo kakusonyeza mayunitsi 300. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu, K100,000, ndi la a ulimi okha, siliyenera kulowa m'thumba la onse. Yotsala K200,000 ndi ya mababu, makompyuta, mafani ndi ketulo, zinthu zimene zimachuluka anthu akachuluka. Apa muyezo woyenera ndi chiwerengero cha antchito. A madzi alipo 4, a ulimi 4, a atsikana 2, choncho ndi K80,000, K80,000 ndi K40,000. Pamapeto pake a ulimi alipira K180,000. Tikanangotenga muyezo wa lendi uja n'kuugwiritsanso ntchito pa magetsi, a ulimi akanalipira K90,000 yokha, ndipo theka la bilu yawo likanagwera ena. Dona wa mijigo akanakhala akuswetsa anapiye osadziwa.

Ngati kamita kapadera kalibe, mukhoza kuwerenga mawati olembedwa pa makinawo, kuchulukitsa ndi maola amene amayaka, n'kugawa ndi 1,000 kuti mupeze mayunitsi. Kungoti firiji ndi makina oswetsera zimazima ndi kuyaka zokha, ndiye masamu otere amakonda kupitirira pang'ono. Komanso antchito owerengedwa akhale amene amakhaladi mu ofesi. Mlangizi amene amakhala ku mudzi sabata yonse sayatsa babu la ku ofesi.

Malipiro a bwana ndiye mutu wovuta, chifukwa chimene tikugawa ndi nthawi ya munthu, ndipo nthawi siyezeka ndi tepi. Choyamba, ndalama yogawidwa si malipiro okha amene amalowa ku akaunti yawo. Ndi zonse zimene bungwe limataya pa munthuyo. Kuno ku Malawi lamulo la penshoni limafuna kuti wolemba ntchito aziikapo 10 peresenti, ndiye ngati malipiro ndi K2,000,000, bungwe likutulutsa K2,200,000. Pakakhalanso inshulansi ya kuchipatala, nayonso ilowa momwemo.

Muyezo wake ndi taimushiti, pepala limene wantchito amalembapo maola amene wagwira pa pulojekiti iliyonse. Tinene kuti mwezi uno bwana agwira maola 160, ndiye ola limodzi ndi K13,750. Pa taimushiti alemba maola 60 a madzi, chifukwa kunali kusankha kontilakita wokumba mijigo, maola 30 a ulimi ndi 30 a atsikana. Izi n'zolunjika: K825,000, K412,500 ndi K412,500. Atsala maola 40, ndipo apa m'pomwe ndinakhalitsa. Mwa maola amenewa, 24 anali a ntchito yothandiza mapulojekiti onse, monga kusaina malipiro, msonkhano wa antchito ndi kukonzekera odita. Ndi K330,000, ndipo igawidwa potsata maola olunjika aja, theka kwa a madzi ndi kotala kwa ena awiriwo. A madzi afika pa K990,000, a ulimi K495,000, a atsikana K495,000. Koma maola 16 otsiriza bwana anali kulemba pempho la ndalama kwa dona watsopano. Ntchito imeneyi siithandiza pulojekiti iliyonse mwa zitatuzi, ndipo madona ambiri salola kuti ndalama yawo ilipire kusaka ndalama zina. K220,000 imeneyo ndi ya bungwe lenilenilo, ichoke m'thumba lake.

Ndikudziwa kuti mabwana ambiri amadana ndi taimushiti. Amati ntchito yawo ndi yosakanikirana, foni imodzi imakhudza mapulojekiti awiri, nanga alembe pati? Zoona, ndipo palibe amene akufuna mphindi iliyonse. Kulemba maola tsiku lililonse poweruka n'kokwanira. Chimene sichithandiza ndi taimushiti yodzazidwa kumapeto kwa mwezi poyang'ana bajeti. Imeneyi imadziwika msanga: mwezi uliwonse 50, 25, 25 ndendende, ngakhale mwezi umene bwana anali pa tchuthi sabata ziwiri, kapena tsiku limene buku la galimoto likusonyeza kuti anali ku Ntchisi pa za ulimi koma taimushiti ikuti anali pa za madzi. Odita wochenjera amangoika mapepala awiriwa pamodzi.

Pali muyezo wina umene umakopa chifukwa ndi wosavuta, wogawa potsata kukula kwa bajeti. Sindikuti ndi woletsedwa, madona ena amaulola, koma ineyo ndimaukayikira. Pulojekiti ya madzi ikhoza kukhala ndi bajeti yaikulu chifukwa chakuti ikulipira kontilakita mamiliyoni ambiri pa mijigo. Ndalama imeneyo imatuluka pa invoisi ziwiri kapena zitatu basi, siwonjezera chipinda ngakhale chimodzi, siyatsa babu lina. Pamene pulojekiti ya atsikana, ya bajeti yochepa, ikhoza kumudyera bwana nthawi yambiri ndi misonkhano ya makomiti a sukulu ndi mafumu. Ndipo ngati bajeti zili mu ndalama zakunja zosiyanasiyana, muyezowu umagwedezeka ndi mtengo wa kwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti ya madola inakula kwambiri ikawerengedwa mu kwacha, pamene ya dona wopereka makwacha inakhala pomwepo. Magawo akanasintha tsiku limodzi chonsecho mu ofesi simunasunthe ngakhale mpando. Amene akufunabe muyezo umenewu ayambe wachotsa makontilakiti akuluakulu ndi katundu wodula, ndipo agwiritse ntchito ndalama zimene zagwiritsidwadi ntchito, osati za pa bajeti.

Nanga dona akakana gawo lake? Tinene kuti mgwirizano wa pulojekiti ya atsikana ukulola lendi ya K150,000 yokha pamwezi, pamene muyezo ukuti K240,000. Pakusowa K90,000. Yesero limakhala loti tiikankhire kwa a madzi, poti kumeneko mzere wa lendi uli ndi malo. Zimenezi n'zimene muyezo unabwera kudzaletsa. Gawo la a madzi ndi K600,000 basi, kaya a atsikana alipira kaya ayi. M'mabuku pulojekiti ya atsikana ilembedwebe K240,000, dona alipire K150,000, ndipo K90,000 ichoke ku ndalama za bungwe zopanda zingwe. Ubwino wake ndi wakuti bodi imaona poyera kuti pulojekiti imeneyi ikulidyera bungwe K1,080,000 pachaka pa lendi yokha, ndipo pokambirana mgwirizano wotsatira pamakhala chiwerengero choika patebulo.

Palinso msampha wolipiritsa kawiri. Madona ena amapereka peresenti yoikika ya zoyendetsera bungwe. A EU kawirikawiri amalola mpaka 7 peresenti ya ndalama zolunjika za pulojekiti, ndipo malamulo a boma la Amereka anakweza yawo kuchoka pa 10 kufika pa 15 peresenti mu Okutobala 2024. Ngati lendi kapena nthawi ya bwana yaphimbidwa kale ndi peresenti imeneyi, siingalembedwenso ngati mzere wapadera kwa dona yemweyo. Njira yachidule yodzifufuzira ndi kutenga malipoti onse a mwezi umodzi n'kuphatikiza zimene dona aliyense walipiritsidwa pa lendi. Zikapitirira K1,200,000, pali vuto. Chimodzimodzi bwana amene bajeti ina ikuti 50 peresenti, ina 40, inanso 30: ndi munthu wa 120 peresenti, ndipo bajeti iliyonse payokha imaoneka yabwinobwino chifukwa zinalembedwa zaka zosiyana.

Funso limene tinatsutsana kwambiri pa gulu lathu lowerengera ndi la pulojekiti ikatha. A atsikana atseka mu Juni, lendi ikadali K1,200,000. Masamu akuti tsopano tigawe pa masikweya mita 80, a madzi K750,000, a ulimi K450,000. Anzanga ena anati n'zoyenera, poti ofesi ndi imeneyo ndipo otsala ndi omwewo. Ine ndikuona kuti gawo la malo a onse lokha ndi limene lingakwere mwachilungamo. Lendi ya sikweya mita imodzi ndi K8,000, ndiye chipinda chopanda munthu cha masikweya mita 20 ndi K160,000, ndipo imeneyi bungwe lisenze lokha mpaka litapeza pulojekiti ina kapena munthu wochita lendi. Yotsala K1,040,000 ndiyo igawidwe pa 50 ndi 30: a madzi K650,000, a ulimi K390,000. Kaya bungwe lisankha njira iti, ilembedwe mu ndondomeko ya zachuma, bodi ivomereze, ndipo madona awiri otsalawo auzidwe lipoti la Julayi lisanawapeze.