Mmene ndinakonzera masabata anayi okonzekera intavyu ya ntchito yolemba khodi ndikuweruka madzulo

Nditalandira uthenga wakuti ndidzayesedwa luso lolemba mapulogalamu a kompyuta pakatha mwezi umodzi, chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kuwerengera maola amene ndinali nawo, popeza ndimagwira ntchito tsiku lonse pa boma pano pa Kasungu ndipo ndimaweruka 5 koloko madzulo. Ndinapeza kuti nthawi imene ndingathe kuisunga popanda kudzinyenga ndi ola limodzi ndi theka tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kuwonjezerapo maola awiri Loweruka m'mawa. Zimenezi zikupanga maola 9 ndi theka pa sabata, ndipo pa masabata anayi ndi maola 38. Munthu amene ali ndi maola 38 sangathe kuthana ndi mafunso mazana ambiri amene ali pa mawebusayiti oyeserera kulemba khodi monga LeetCode kapena HackerRank, choncho ndinavomereza kuyambira pachiyambi kuti mafunso atsopano adzakhala pakati pa 20 ndi 25 basi, koma lililonse ndidzalidziwa mpaka kutha kulilemba ndi kulifotokoza osayang'ana paliponse.

Ndinasankha kuyamba 6 koloko ndisanadye nsima, chifukwa mutu wa munthu amene wakhuta atagwira ntchito tsiku lonse umafuna tulo, ndipo ndinagwirizana ndi akunyumba kuti chakudya changa chizindidikira mpaka hafu pasiti seveni. Lachisanu sindinaikepo funso latsopano lililonse. Tsikulo ndinalisiya dala kuti lizikwirira madzulo amene atayika chifukwa cha maliro, ntchito ya kumapeto kwa mwezi kapena kuzima kwa magetsi, pakuti ndondomeko yopanda mpata wotere imagwa sabata yoyamba yomwe, ndipo munthu akangotsalira masiku awiri amataya mtima n'kusiya zonse. Lamulungu ndinkapuma. Pa nkhani ya magetsi ndi bandulo, ndinkakopera funso la tsikulo mu laputopu nthawi ya nkhomaliro ndi kuonetsetsa kuti batire ladzaza, popeza Python imagwira ntchito popanda intaneti ndipo lamulo la `python3 funso.py` ndi lokwanira kuyesa zimene walemba.

Ola limodzi ndi theka lija ndinaligawa patatu. Mphindi 20 zoyambirira zinali zobwereza funso lakale, mphindi 50 zotsatira zinali za funso latsopano, ndipo mphindi 20 zomaliza zinali zolemba m'kope. Mkati mwa mphindi 50 zija ndinkatchera alamu pa mphindi 25, ndipo ikalira ndisanaone n'komwe njira yoyankhira, ndinkawerenga yankho la ena, n'kulitseka, kenako n'kulilemba ndekha kuchokera m'mutu. Ena amanena kuti munthu azilimbana ndi funso mpaka alipeze yekha ngakhale patatha maola atatu, ndipo kwa wophunzira wa pa koleji amene ali ndi tsiku lonse uphungu umenewu ungakhale wabwino, koma kwa munthu wapantchito ndiye kuti madzulo awiri apita pa funso limodzi.

Ndifotokoze ndi funso limodzi la sabata yoyamba, lotchedwa `Two Sum`, kuti zioneke mmene madzulo amodzi ankayendera. Wapatsidwa mndandanda wa manambala ndi nambala imodzi yofunika kuifikira, ndipo ukuyenera kubweza malo a manambala awiri amene ukawaphatikiza akupereka nambalayo. Nditenge mndandanda wa `[8, 3, 11, 5]` ndipo yofunika kuifikira ikhale 16. Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi kutenga nambala iliyonse n'kuiphatikiza ndi ina iliyonse yotsatira, ndipo imeneyi imapereka yankho lolondola, koma ntchito yake imakula molingana ndi `O(n^2)`, kutanthauza kuti manambala akakhala 10,000, mapeyala oti ayesedwe amayandikira 50 miliyoni. Pa intavyu ndi bwino kutchula njira imeneyi poyamba ndi kunena vuto lake, kenako n'kupita ku njira yabwinopo, imene ndi kusunga mu `dict` nambala iliyonse imene wadutsa pamodzi ndi malo ake, kotero kuti pa nambala yatsopano ukungofunsa ngati inzake imene ikusoweka unaiona kale.

```python
def peza_awiri(manambala, cholinga):
    taona = {}
    for i, x in enumerate(manambala):
        chosowa = cholinga - x
        if chosowa in taona:
            return [taona[chosowa], i]
        taona[x] = i
    return []
```

Ndisanayendetse khodiyi pa kompyuta, ndinkayamba ndaiyendetsa ndi cholembera papepala. Pa 8, yosoweka ndi 8, koma `taona` alibe kanthu, choncho 8 akusungidwa pa malo 0. Pa 3, yosoweka ndi 13 ndipo palibe. Pa 11, yosoweka ndi 5, imene sitinaifike. Pa 5, yosoweka ndi 11, imene ili kale pa malo 2, ndipo yankho ndi `[2, 3]`. Mndandanda wadutsidwa kamodzi kokha, ndiye kuti ntchito ndi `O(n)`, ndipo mtengo wake ndi malo owonjezera osungiramo manambalawo, amenenso ndi `O(n)`. Nambala ya 8 ndinaiika poyamba mwadala chifukwa imaulula cholakwika chimene ambiri amachita: mzere wa `taona[x] = i` ukalembedwa pamwamba pa `if`, 8 amadzipeza yekha n'kudziphatikiza, ndipo pulogalamu imabweza `[0, 0]`. Munthu amene anangoloweza khodiyi sangafotokoze chifukwa chake mizere iwiriyi yatsatana motero, pamene oyesa amakonda kufunsa ndendende zimenezo.

Kope lija ndi limene linanyamula ndondomeko yonse, ndipo ndikanauzidwa kuti ndichotsepo chinthu chimodzi pa madzulo anga, ndikanachotsa funso latsopano osati kopelo. Pa funso lililonse ndinkalemba dzina lake, njira yake m'chiganizo chimodzi cha mawu anga, ndi mtundu wa vuto limene ndakumana nalo, pakuti kulephera funso kuli mitundu itatu ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake. Pali pamene munthu sanaone njira n'komwe, ndipo apa chofunika ndi kulemba chizindikiro cha m'funso chimene chikanamulozera, mwachitsanzo kuti funso likamafuna kudziwa ngati chinthu chinaonekapo kale, `dict` kapena `set` ali pafupi. Pali pamene njira waiona koma manja akukanika kuisandutsa khodi, ndipo apa kuwerenga sikuthandiza, koma kulemba khodi yomweyo kachiwiri mawa lake. Ndiye pali pamene khodi yalembedwa koma ikugwa pa mndandanda wopanda kanthu, wa nambala imodzi kapena wa manambala ofanana, ndipo mankhwala ake ndi chizolowezi choyesa zitsanzo zoterezi papepala usanatumize. Uthenga umene umabwera pambuyo potumiza khodi pa LeetCode umathandiza kusiyanitsa: `Time Limit Exceeded` kawirikawiri amatanthauza kuti njira ndi yochedwa, pamene `Wrong Answer` pa chitsanzo chaching'ono amasonyeza kuti pali mbali imene sinaganiziridwe.

Funso lililonse limene landivuta ndinkalibwereza mawa lake, kenako pakatha masiku atatu, kenakonso pakatha sabata, ndipo ndinkalemba madeti amenewa m'mphepete mwa tsamba. Kubwereza kumene ndikunena ndi kutsegula fayilo yopanda kanthu n'kulemba kuchokera pachiyambi, chifukwa kungoyang'ana yankho lakale kumapatsa munthu chikhulupiriro chabodza chakuti akulidziwa. Kutenga mafunso atsopano okhaokha osabwerera ku akale kuli ngati kubzala munda waukulu umene sudzatha kuupalira. Mafunso obwereza akachuluka kuposa mphindi 20, ndinkachotsa pa mndandanda lililonse limene ndalilemba bwino maulendo awiri otsatizana, ndipo otsalawo ankapita Lachisanu.

Mitu ya masabata ndinaisanja motsatira mmene wina umadalira unzake. Sabata yoyamba inali ya `list`, `str`, `dict` ndi `set`, pamodzi ndi njira ya `Two Pointers`, ndipo mafunso ambiri anali a mulingo wa `Easy` kuti madzulo ena ndizitha awiri. Sabata yachiwiri ndinalowa mu `Sliding Window`, `Stack` ndi `Binary Search`, imene pa mndandanda wosanjidwa wa zinthu 1,000,000 imapeza chinthu m'masitepe osaposa 20 chifukwa nthawi iliyonse imataya theka. Apa cholakwika chofala ndi kulemba `while lo < hi` pamene `hi` wayambira pa malo omaliza, ndipo mndandanda wa chinthu chimodzi umachiulula nthawi yomweyo. Sabata yachitatu ndiyo yolemera, chifukwa muli `Recursion`, `Binary Tree` ndi njira ziwiri zoyendera mfundo zolumikizana, `BFS` ndi `DFS`, ndipo ndinalola kuti funso limodzi la `Medium` lidye madzulo athunthu. Mutu wa `Dynamic Programming` ndinangougwira ndi funso limodzi losavuta la `Climbing Stairs` kuti ndidziwe maganizo ake, popeza kuulowa mozama m'maola 38 kukanalanda nthawi ya mitu imene maziko ake anali asanalimbe. Amene chikalata chake choitanira ku intavyu chatchula `SQL` ayenera kuchotsa madzulo awiri pa sabata yachiwiri kapena yachitatu n'kuwapereka kwa `JOIN` ndi `GROUP BY`.

Loweruka linali la kuyesedwa ngati kuti tsikulo lafika. Mnzanga wina amene amalemba mapulogalamu ku Lilongwe ankandiimbira foni, n'kundipatsa funso limene sindinalionepo, ndipo tinkatchera mphindi 45, imene ndi nthawi yofala pa maintavyu otere. Ndinkayamba ndi kubwereza funsolo m'mawu anga ndi kufunsa zosamveka, monga ngati manambala angakhale ochepera ziro, kenako kutchula njira yosavuta, njira yabwinopo, kulemba, ndi kuyesa ndi chitsanzo, zonsezi ndikulankhula mokweza m'Chingerezi popeza ndi chinenero cha intavyu. Ndikakhala chete nthawi yaitali iye ankati, "Achimwene, lankhulani zimene mukuganizazo, woyesa sangapereke malikisi pa zimene sanamve." Ola lachiwiri tinkakambirana pamene ndinachedwa, ndipo zimenezo zinkalowa m'kope.

Sabata yachinayi sindinatsegule mutu watsopano uliwonse. Ndinawerenga kope lonse n'kuona mtundu wa vuto umene unkabwerabwera, ndipo madzulo a Lolemba mpaka Lachitatu ndinawapereka ku mafunso osakaniza amene ndinabisa dzina la mutu wake, chifukwa m'masabata atatu oyamba munthu amadziwiratu kuti funso la lero ndi la `Binary Search`, pamene pa intavyu palibe amene adzamuuze. Lachinayi ndinakonza nkhani ziwiri za ntchito zimene ndinagwirapo, iliyonse yofotokozeka m'mphindi ziwiri, ndipo Lachisanu ndinayesa kamera, maikolofoni ndi netiweki pamalo enieni amene ndidzakhale, ndinagula bandulo pa manambala awiri a makampani osiyana, ndi kufunsanso oyesa kuti ola limene analemba ndi la nthawi ya dziko liti, popeza nthawi ya kuno ku Malawi ili maola awiri patsogolo pa `UTC`.