Galafu ya liwiro ndi nthawi pa mayeso: samalani pamene mzere walowa pansi pa ziro

Funso la mayeso lofuna akiselereshoni ndi disipulesimenti ya chinthu choyenda kuchokera pa galafu ya liwiro ndi nthawi ndathana nalo, koma chithunzi chake chinandikwiyitsa. Galafu yaing'ono, inki yosaoneka bwino, manambala a m'mbali ongolembedwa apo ndi apo. Wosindikiza pepala lotere sadziwa kodi kuti yankho lonse lili pa manambala amenewo?

Musanawerengere chilichonse, onani kuti kabokosi kamodzi kakuimira chiyani. Pa galafu iyi, kabokosi chokwera kanali 2 m/s, chopingasa kanali sekondi imodzi. Amene angowerenga timabokosi ngati kalikonse ndi 1 apeza theka la yankho, ngakhale njira yake ili yolondola.

Mzere unayambira pa ziro n'kukwera kufika 12 m/s pa sekondi 4, unagona mpaka sekondi 10, kenaka unatsika mowongoka kufika −6 m/s pa sekondi 16.

Akiselereshoni ndi kupendekeka kwa mzere, ndiye kuti kusintha kwa liwiro kugawa ndi nthawi imene yapita. Poyamba ndi 12 ÷ 4 = 3 m/s². Pogona paja ndi ziro, ngakhale chinthucho chikuyenda ndithu. Potsika ndi (−6 − 12) ÷ 6 = −3 m/s². Ambiri amalemba 6 − 12, kuiwala kuti 6 uja ali pansi pa ziro, n'kupeza −1.

Disipulesimenti, ndiye kuti kutalikirana kwa pamene chinthucho chafika ndi pamene chinayambira, ndiyo inavuta, chifukwa ndi kukula kwa malo a pakati pa mzerewo ndi mzere wa nthawi, ndipo muyenera kudziwa pamene mzere unadutsa ziro. Pachithunzi pamenepo ndi pomwe inki inafufutika! Musapenekere ndi maso. Liwiro likutsika ndi 3 m/s sekondi iliyonse, choncho kuchoka pa 12 kufika pa ziro ndi masekondi 4, kutanthauza pa sekondi 14.

Ndinaduladula malowo. Thirayango yoyamba ½ × 4 × 12 = 24 m, rekitango 6 × 12 = 72 m, thirayango yotsika 24 m enanso. Pamodzi mamita 120. Kathirayango ka pansi pa ziro ndi ½ × 2 × 6 = 6 m, ndipo apa chinthucho chatembenuka, chikubwerera kumene chinachokera. Mamita 6 amenewa achotsedwe, disipulesimenti ndi 114 m. Akanafunsa mtunda wonse umene chayenda tikanaphatikiza, 126 m. Mukapeza mtunda wochepa kuposa disipulesimenti, mwasokoneza zizindikiro penapake.

Zija za manambala a m'mbali ndibwerezenso. Onani ndi mayunitsi omwe, poti nthawi zina liwiro amalipereka mu km/h pamene nthawi ili m'masekondi. Gawani ndi 3.6 kaye, 36 km/h ikhale 10 m/s, kenaka muwerengere malo.