Tsiku limene ndinaphwanya kalikyuleta yanga pamaso pa ophunzira

M'chaka changa choyamba monga mphunzitsi wothandizira pa maphunziro a kulimba kwa zitsulo, ndinaganiza zoonetsa ophunzira ndi maso awo zimene zimachitika katundu akagwera chitsulo, chifukwa ndinkaona kuti zolemba pabolodi zinkawagonetsa tulo. Ndinapachika ndodo yachitsulo chofewa kumtanda wa denga la chipinda choyeseramo zinthu, yotalika mamita 2 ndipo yonenepa mamilimita 10. Kumunsi kwake ndinaikako kambale kachitsulo kogwidwa ndi pini ya mamilimita 4 yopyoza ndodoyo, ndipo pamwamba pa kambaleko ndinalowetsa chigulumwa chachitsulo cha makilogalamu 20, choboola pakati, choti chizitsetsereka m'ndodomo.

Masamu anga ankaoneka osalakwika. Chigulumwacho chimalemera pafupifupi manyutoni 196, kapena kuti 196 N, ndipo nkhope ya ndodoyo ikadulidwa ndi mamilimita 78.5 a sikweya, choncho chikaikidwa mwaulemu pakambale, sitiresi yake, kapena kuti mphamvu yogwera pa milimita imodzi ya sikweya, ndi 2.5 MPa basi. Chitsulo chofewa chimayamba kutamukiratu osabwereranso pa 250 MPa kapena pamenepo. Ndinkakumbukiranso bwino lamulo lakuti katundu woikidwa mwadzidzidzi amapweteka chitsulo kawiri poyerekeza ndi woikidwa pang'onopang'ono, ndiye ndinachulukitsa ndi 2, ndinapeza 5 MPa, ndipo ndinadziuza kuti ngakhale piniyo sidzamva n'komwe kuti kwachitika kanthu.

Mkulu woyang'anira zipangizo, amene anali atagwira ntchito m'chipindamo ine ndisanabadwe, anayang'ana piniyo kwa nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi chitsulochi muchigwetsa kuchokera pati?"

"Theka la mita, achikulire, ndipo musade nkhawa chifukwa ndawerengetsa kale," ndinayankha motero, ndikuwaonetsa kalikyuleta ngati kalata ya umboni. Iwo sanatsutse, koma anakokera mpando wawo kutali ndithu, ndipo ine ndinaganiza kuti akufuna kupatsa ophunzira malo oonera bwino.

Ndinafotokozera ophunzirawo chifukwa chake chiwerengerocho chimakhala 2, ndipo gawo limeneli ndinaliphunzitsa molondola. Katundu akamasulidwa atangokhudza kambale, kulemera kwake konse kumagwira ntchito kuyambira pachiyambi, pomwe ndodo imayamba kukana kuchokera pa ziro n'kumawonjezera pamene ikutamuka. Ikafika pamene kukana kwake kwafanana ndi kulemera kwa katunduyo, katunduyo amakhala ali pa liwiro, motero amapitirira mpaka kutamukako kufike kawiri, ndipo pamenepo mphamvu ya m'ndodo imakhala kawiri kulemera kwake. Atagwedeza mitu, ndinaika kalikyuleta yanga pansi, pafupi ndi mapazi anga, kuti manja onse akhale omasuka. Ndinakweza chigulumwacho theka la mita, ndinapempha aliyense kuti ayang'anitsitse chifukwa kutamuka kwake kukhala kochepa kwambiri, ndipo ndinachitaya.

Phokoso lake linali ngati la mfuti. Piniyo inaduka ngati kamtengo ka machesi, kambale kanauluka n'kukagubuduzika pansi pa matebulo, ndipo chigulumwacho chinatsika osaima n'kutera pakati penipeni pa kalikyuleta ija, mabatani ake n'kumwazika ngati mano a munthu wogwa panjinga. Ine ndinalumpha chammbuyo mwaluso limene sindinkadziwa kuti ndili nalo, ndipo buluku langa linang'ambika kumbuyo ndi mawu omveka mpaka kumzere womaliza. Wophunzira wina anafunsa mwaulemu wonse ngati kumeneko ndiko kutamuka kochepa kumene ndinawauza kuti ayembekezere.

Kuseka kutachepa, achikulire aja anandipatsa choko n'kunena kuti, "Aphunzitsi, 2 wanuyo ndi wa katundu amene sanayende ulendo. Uyu anachokera kutali." Ndinayenera kuwerengetsa pabolodi ndi mutu, nditaima chammbali kuti ophunzira asaone kumene kunang'ambika.

Cholakwa changa chinali kuiwala mtunda. Katundu W akagwa mtunda h n'kutamula ndodo ndi δ, ntchito yonse imene wagwira ndi W(h + δ), ndipo yonseyo iyenera kusungidwa m'ndodo monga momwe sipuling'i imasungira mphamvu. Ziwirizi zikafananitsidwa, chiwerengero chochulukitsira chimatuluka chotere:

n = 1 + √(1 + 2h/δst)

Apa δst ndi kutamuka kwa ndodo pamene katundu waikidwa pang'onopang'ono, ndipo timakupeza ndi δst = WL/(AE), pomwe L ndi kutalika kwa ndodo, A ndi nkhope yake ikadulidwa, ndipo E ndi nambala yosonyeza mmene chitsulo chimakanira kutamuka. Mtunda h ukakhala ziro, n amakhala 1 + 1, ndiye 2 uja amene ndinkamukhulupirira ngati m'bale wanga. Iye ndi wamng'ono pa onse amene angatuluke katundu akamasulidwa, ndipo ine ndinamutenga ngati wamkulu.

Chimene chimavuta n'chakuti h amagawidwa ndi δst, ndipo pa ndodo yachitsulo δst ndi kanthu kosaoneka ndi maso. Popeza E ya chitsulo ndi pafupifupi 200,000 MPa, ndodo yanga ikanatamuka 2.5 × 2,000 ÷ 200,000, amene ndi mamilimita 0.025. Mtunda wanga unali mamilimita 500, choncho 2h/δst ndi 40,000, muzu wake ndi 200, ndipo n ndi pafupifupi 201. Ndinalemba nambalayo kenako ndinaiyang'ana kwa kanthawi, ndikuyembekezera kuti mwina ichita manyazi n'kuchepa. Sitiresi inali kulowera ku 500 MPa, kawiri pamene chitsulocho chimagonjera, ndipo mphamvu yogunda kambale inali kulowera ku 39,000 N, pomwe ine ndinasankha pini ndikuganiza za 400 N. Pini yotere imameteka mphamvu isanafike ngakhale 10,000 N, n'chifukwa chake inadzipereka msanga ndodoyo isanapwetekedwe.

Wophunzira yemwe uja anafunsa kuti nanga tikanagwetsa kuchokera pa milimita imodzi yokha zikanatha bwanji. Tinawerengetsa limodzi: 2 ÷ 0.025 ndi 80, kuwonjezera 1 ndi 81, muzu wake ndi 9, ndipo n ndi 10. Mpata wopyapyala ngati chikhadabo unali wokwanira kuchulukitsa katunduyo kakhumi, ndipo apa m'chipindamo munakhala chete kuposa nthawi ina iliyonse imene ndinaphunzitsapo.

Ndinawauzanso moona mtima kuti 500 MPa ija sikanafikidwa ndendende. Njirayi imaganiza kuti chitsulo sichinapyole malire ake obwerera, kuti mtanda wa denga sugwedezeka, kuti palibe mphamvu yotayika m'phokoso ndi m'kutentha, ndiponso kuti ndodo ndi yopepuka poyerekeza ndi chogwacho, zomwe zinali zoona kwa ife chifukwa inkalemera pafupifupi makilogalamu 1.2. Yankho likapyola 250 MPa limangokuuzani kuti china chake chitamukiratu kapena chiduka. Ndodo yanga ikanatha kusunga mphamvu yokwana pafupifupi majoule 25 okha, kapena kuti 25 J, isanatamukiretu, pomwe ine ndinaiponyera 98 J.

Mlungu wotsatira tinabwereza ndi pini yolimba, mtunda wa mamilimita 10 ndi thumba la mchenga pansi pake. Chiwerengero n chinali pafupifupi 29, sitiresi 73 MPa, ndipo ndodoyo inangolira pang'ono n'kukhala momwe inalili. Achikulire aja anakhala pampando wawo osausuntha, koma nditatulutsa kalikyuleta yatsopano anatambasula dzanja n'kunena kuti andisungira iwowo mpaka phunziro litatha.